Fenitoyini ndi mpata wake wopapatiza: uthenga kwa amene mukupita kuwodi

Moni nonse anzanga. Ndati ndikutumizireni mawu awa musanayambe ntchito kuwodi, chifukwa kumeneko mukakumana ndi odwala khunyu amene akumwa fenitoyini, ndipo mankhwala amenewa safuna kuwapereka mwachizolowezi. Khalani ndi cholembera pafupi, pali masamu pang'ono oti tichitire limodzi.

Tiyambe ndi nambala ija mumaiona m'mabuku, yolembedwa TI, therapyutiki indekisi. Amaipeza motere: TI = TD50 / ED50. ED50 ndi mlingo umene umathandiza theka la anthu amene apatsidwa mankhwalawo, pamene TD50 ndi mlingo umene umavulaza theka la anthu. Akamayesera pa nyama, pamwambapo amaikapo LD50, mlingo umene umapha theka la nyamazo. Ndiye tiyerekeze mankhwala ena amathandiza theka la anthu pa mamiligalamu 10, n'kuvulaza theka pa mamiligalamu 100. Mukagawa mupeza 10. Nambalayi ikakula ndiye kuti pakati pa kuchiza ndi kuvulaza pali mtunda. Ikachepa, monga 2, ndiye kuti kungowirikiza mlingo kawiri mwafika kale povulaza.

Koma nambala imeneyi ili ndi chilema chake, ndipo ndikufuna muchione bwino. Ikukamba za theka la anthu. Inu kuwodi simufuna kuchiza theka la odwala, mufuna pafupifupi onse apeze bwino, ndipo simungalole kuti theka livulale. N'chifukwa chake pali muyeso wina wokhwima, mpata wa chitetezo, umene amaupeza motere: TD1 / ED99. Pansi pali mlingo wothandiza anthu 99 mwa 100 alionse, pamwamba pali mlingo umene wayamba kuvulaza munthu mmodzi mwa 100. Tibwerere ku mankhwala athu oyerekeza aja. Tinene kuti anthu 99 amathandizidwa mukafika pa mamiligalamu 40, koma munthu woyamba wavulala kale pa mamiligalamu 30. Gawani 30 ndi 40, mupeza 0.75. Sinafike 1. Tanthauzo lake ndi lakuti palibe mlingo umodzi umene ungathandize onse osavulaza wina, ngakhale TI ija inaoneka yabwino. Mankhwala otere aliyense amafunika kumupezera mlingo wakewake.

M'gulu limeneli muli dijokisini wa mtima, lithiyamu, jentamayisini, wafarini, kabamazepini, ndi fenitoyini amene ndikhalepo lero.

Wina afunsa kuti, nanga kuyeza magaziko n'kwachiyani, bwanji osangoyang'ana wodwalayo? Pa mankhwala othamanga magazi mumatenga makina, mwayeza pamkono, mwadziwa ngati akugwira ntchito. Pa khunyu sizili choncho. Munthu akhoza kutha mwezi osagwa, inu osadziwa ngati ndi mankhwala akumuteteza kapena nthawi yake yogwa sinakwane. Komanso anthu awiri omwa mapiritsi ofanana sakhala ndi mankhwala ofanana m'magazi, chifukwa ziwindi zawo sizigwira ntchito mofanana. Kuchuluka kwa mankhwala m'magazi ndiko kumayenda limodzi ndi kuchiza kapena kuvulaza, kuposa chiwerengero cha mapiritsi amene munthu wameza. Kwa fenitoyini, anthu ambiri amathandizika akakhala pakati pa 10 ndi 20 mg/L. Lembani imeneyo. Ndipo muziyang'ana bwino pepala la ku labu, chifukwa ena amalemba mu µmol/L, ndipo pamenepo malire omwewo ndi 40 mpaka 80. Mukaona 45 musathamange musanaone zilembo zili kutsogolo kwake.

Tsopano chimene chimasiyanitsa fenitoyini ndi mankhwala ena ambiri. Kawirikawiri mukawirikiza mlingo, mankhwala m'magazi nawonso amawirikiza, basi. Fenitoyini ayi. Amachotsedwa ndi chiwindi, ndipo pa milingo yomweyi timapereka tsiku ndi tsiku, chiwindi chimakhala chatsala pang'ono kufika pamapeto a mphamvu zake. Zili ngati chigayo chimene chikugaya kale usana wonse osapuma: mukabweretsa matumba ena ochepa chabe tsiku lililonse, sichiwonjezera liwiro, matumbawo amangounjikana pakhomo.

Tichite masamu, muone nokha. Fomula yake ndi iyi: Css = Km × R / (Vmax − R). Css ndi pamene mankhwala akakhazikike m'magazi. R ndi mlingo wa tsiku limodzi. Vmax ndi malire a zimene chiwindi chingachotse pa tsiku, ndipo kwa munthu wamkulu mabuku amaika pafupifupi mamiligalamu 7 pa kilogalamu iliyonse. Km ndi kuchuluka kwa mankhwala m'magazi pamene chiwindi chikuwachotsa pa theka la mphamvu zake, ndipo ndi pafupifupi 4 mg/L. Tiyerekeze bambo wolemera makilogalamu 60. Chiwindi chawo chingachotse mamiligalamu 420 pa tsiku. Akumwa 300. Ndiye 4 kuchulukitsa ndi 300 ndi 1200, kugawa ndi 120, tapeza 10. Ali ndendende pa malire a m'munsi. Abwera kuchipatala, akuti mwezi uno agwa kawiri. Mapiritsi amene muli nawo ndi a mamiligalamu 100, ndiye chapafupi n'kungowonjezera limodzi kuti azimwa 400. Taonani chimene chichitike. 4 kuchulukitsa ndi 400 ndi 1600, koma pansi patsala 20 yokha. Yankho ndi 80. Kuchoka pa 10 kupita pa 80 chifukwa cha piritsi limodzi. Mukanawaika pa 350, akanakhazikika pa 20. Pa 325, pafupifupi 14.

Nambala za Vmax ndi Km zimasiyana munthu ndi munthu, choncho musatenge masamuwa ngati chinthu cholosera wodwala wanu ndendende. Chimene ndikufuna chikhale m'mutu mwanu ndi kakweredwe kakeko. Munthu akafika pafupi ndi 10, mlingo timakweza pang'onopang'ono, ndi mamiligalamu 25 kapena 50, osati 100. Ngati mulibe mapiritsi ang'onoang'ono, pitani ku famasi mukambirane ndi dokotala, musamalize nokha.

Choopsa china n'chakuti bambo aja safika pa 80 mawa. Mankhwala amakwera mwakachetechete kwa masabata angapo. Sabata yoyamba akuoneka bwino, kugwa kwasiya, onse akusangalala. Kenako achibale ayamba kunena kuti bambo akuyenda ngati aledzera. Zizindikiro zimabwera motsatana ndithu. Akadutsa 20, maso amayamba kugwedera mukawauza kuti ayang'ane chala chanu chakumbali. Akadutsa 30, amadzandira ndipo mawu amatuluka molemera. Akadutsa 40, amangogona, mutu umasokonekera. Ndipo akakwera kwambiri, kugwa kumene kukhoza kubwereranso. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa woona mwachangu amati mankhwala akuchepa, n'kuwonjezeranso.

Ndiye magazi muzitenga liti? Mukasintha mlingo, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ngati munthuyo ali kale chakumtunda dziwani kuti angakhale akukwerabe ngakhale sabata ziwiri zatha. Mukayeza tsiku lachitatu mupeza nambala yotsika yonamiza. Tengani magazi m'mawa asanamwe mankhwala a tsikulo. Muwauziretu kuti abwere ndi mapiritsi m'thumba, adzamwe akatengedwa magazi. Koma ngati munthu akudzandira pamaso panu, musadikire m'mawa, tengani nthawi yomweyo. Pa fomu lembani mlingo umene akumwa, tsiku limene unasinthidwa, ola limene anamwa komaliza, ola limene mwatenga magazi, ndi mankhwala ena onse. Nambala yopanda maola amenewa palibe angaimasulire.

Zotsatira zikabwera zotsika, musanagwire cholembera afunseni mwaulemu: bambo, pa sabata yapitayi ndi masiku angati amene simunamwe? Anthu amaiwala, ena mankhwala anawathera, ena analibe thiransipoti. Mukakweza mlingo kwa munthu amene amadumphitsa, tsiku limene adzayambe kumwa mokhulupirika ndi limene mudzamuvulaze.

Pali msampha wina umene ukutikhudza kwambiri, chifukwa odwala athu ambiri amabwera thupi litatha. M'magazi, pafupifupi magawo 90 mwa 100 a fenitoyini amamatirira ku puloteni yotchedwa alubumini. Ogwira ntchito mu ubongo ndi magawo 10 otsalawo. Labu imayeza zonse pamodzi. Munthu wosowa zakudya m'thupi, wodwala chiwindi kapena impso, alubumini wake amatsika, ndiye gawo loyenda lokha lija limakula pamene nambala ya pa pepala ikuoneka yaing'ono. Ngati impso zili bwino, timakonza motere: nambala ya ku labu / (0.2 × alubumini + 0.1), alubumini ali mu g/dL. Mayi amene pepala lawo likuti 8, alubumini wawo ali 2.0, pansi pakhala 0.5, ndipo nambala yokonzedwa ndi 16. Ali pakati penipeni pa malire. Mukanangoona 8 n'kukweza, mukanawalakwira. Fomula imeneyi ndi yoyerekeza chabe, koma imakuletsani kuthamanga.

Muzifunsanso za mankhwala ena nthawi zonse. Fulukonazo ndi kotirimokisazo, uja ambiri amati bakitirimu, amachedwetsa chiwindi, fenitoyini n'kukwera. Pa mankhwala a chifuwa chachikulu, aizoniyazidi amamukweza pamene rifampisini amamutsitsa, ndipo poti amamwedwa limodzi simungadziwiretu kuti munthu uyu apendekera kuti. Ameneyo ndiye woyenera kumuyeza akayamba mankhwalawo, ndiponso akamaliza. Fenitoyini nayenso amafooketsa ena: dolutegirava wa ma ARV, mapiritsi olera ndi kolera koika pamkono. Wodwala wotero mulumikizane ndi a kiliniki yake.

Ndikudziwa kuti ambiri mukupita kumene kuyeza kumeneku kulibe, kapena magazi amatumizidwa kutali. Pamenepo manja ndi maso anu agwire ntchito. Aliyense womwa fenitoyini akabwera, muyendetseni pamzere, chidendene kugunda chala, mumuyang'ane maso, mumvetsere kalankhulidwe. Lembani zimene mwapeza m'buku lake lachipatala kuti wodzamuona mwezi wamawa adzayerekeze. Ndipo munthu amene sakugwa, sakudzandira, koma pepala likuti 8 ndi alubumini wabwinobwino, musiyeni pa mlingo wake. Malire a 10 mpaka 20 anachokera ku gulu la anthu, iyeyo ake angakhale pansi pang'ono.

Mukapeza zizindikiro zoti mankhwala achuluka, itanani dokotala tsiku lomwelo. Nthawi zambiri amaimitsa mankhwala kwa masiku ochepa wodwala akuyang'aniridwa, kenako n'kuyambiranso pa mlingo wotsika, ndipo kutsikako kumachedwa chifukwa chiwindi chimachotsa mlingo womwewo pa tsiku ngakhale aunjikane bwanji. Chimene simuyenera kuchita ndi kumuuza munthu kuti akangosiya kunyumba osamupatsa tsiku lobwerera, chifukwa mankhwala akatheratu m'magazi akhoza kugwa motsatizana osatsitsimuka. Achibale muwauze kuti akaona kudzandira, kulankhula molemera, tulo tosatha, kapena zotupa pakhungu ndi zilonda m'kamwa, abwere naye msanga osadikira tsiku la kiliniki.