Mizere yoyendayenda m'vidiyo: chifukwa chake ndi shata yoichotsera

Zikomo nonse amayi ndi abambo, makamaka inu amene mwabwera ndi mafoni ndi makamera anu. Musawaike m'thumba, tiwagwiritsa ntchito pompano.

Ambiri a inu munaziwonapo izi. Mwajambula mwambo m'holo, pamaso zonse zinali bwinobwino, koma poonera vidiyo mukupeza mizere yakuda yopingasa ikukwera kapena kutsika pankhope za anthu. Ena amathamangira kunena kuti kamera yafa. Ayi, kamera ili bwino, yangojambula chinthu chimene maso athu sachiona.

Magetsi a m'mawaya sayenda njira imodzi ngati a m'batire. Amapita n'kubwerera. M'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi mbali yaikulu ya Asia amatero ka 50 pa sekondi imodzi, ndiye 50 Hz imene mumaiona italembedwa pa tchaja. Ku United States ndi ku Canada ndi ka 60. Tsono nyali imawala popita, imawalanso pobwerera, ndipo pakati pake imazilala pang'ono. Choncho pa magetsi a 50 Hz nyali imaphethira ka 100 pa sekondi, pa 60 Hz ka 120. Machubu akale aja, oyamba athwanimathwanima asanayake, amachita zimenezi kwambiri. Mababu a LED otchipa nawonso ndi chimodzimodzi.

Mwina wina afunsa kuti, ngati nyali yonse ikuphethira, bwanji tikuona mizere m'malo moti chithunzi chonse chizithima? Yankho lili m'sensa, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa galasi la kamera. Masensa ambiri a m'mafoni ndi m'makamera a masiku ano satenga chithunzi chonse nthawi imodzi. Amawerenga mzere ndi mzere, kuyambira mbali ina mpaka kukafika mbali inayo. Mzere wina umatsegukira kuwala nyali ili pachimake, wina umatseguka nyali itazilala. Woyambawo umatuluka wowala, winawo wakuda. Pansi pa machubu mizere yakudayo imakondanso kuoneka yachikasu, chifukwa mtundu wa kuwalako umasintha chubu likamazilala.

Apa ndi pamene shata imalowerera. Shata ndi nthawi imene mzere uliwonse umaloledwa kulandira kuwala, ndipo pakamera imalembedwa chonchi: 1/50, 1/60, 1/100, 1/1000. Taganizirani mpopi umene ukutulutsa madzi modukizaduka, koma mosaphonya kugunda kwake. Ngati aliyense atchera chidebe kwa kugunda kumodzi kwathunthu, zidebe zonse zidzafanana, ngakhale wina wayambira pakati. Koma mukauza anthu kuti atchere kwa kugunda kumodzi ndi kachidutswa, wina kachidutswa kake kagwera pamene madzi ali ambiri, wina pamene akungodontha. Zidebe zasiyana basi.

Tiyeni tiwerengere pa magetsi a 50 Hz. Kuphethira kumodzi kumatenga 1/100 ya sekondi. Shata ya 1/100 imatenga kuphethira kumodzi kwathunthu, ya 1/50 kuwiri kwathunthu. Mizere yonse yalandira kuwala kofanana, chithunzi chayera. Nanga 1/60? Imeneyo imatenga kuphethira kumodzi ndi magawo awiri mwa atatu a kuphethira kwachiwiri. Kachidutswako ndi kamene kamabala mizere, yosaoneka kwambiri koma ilipo. Mukafika pa 1/1000, mzere uliwonse ukungolawa gawo limodzi mwa magawo khumi a kuphethira kumodzi, ndiye mizere imada bii. Kumene magetsi ndi a 60 Hz nkhani imatembenuka: 1/60 ndi 1/120 ndizo zabwino, 1/50 ndiyo yolakwika.

Tayesani tsopano. Tsegulani kamera, pitani pa Pro kapena Manual, ngati foni yanu ili napo pa vidiyo. Lozani khoma loyera limene nyali ikuwalirapo, ikani shata pa 1/1000. Ngati nyaliyo ndi yophethira, mizere ionekera pomwepo. Tsitsani pang'onopang'ono, 1/500, 1/250, 1/125, muona ikuchepa mphamvu, ndipo pa 1/100 izimiririka. Ine ndimachita zimenezi ndikangolowa m'chipinda, anthu asanakhale pansi, chifukwa mizere ikalowa m'vidiyo kuichotsa pakompyuta ndi ntchito yowawa ndipo kawirikawiri zipsera zimatsala.

Mukasiya kamera pa Auto imasankha yokha shata, ndipo pamalo owala kwambiri imaifulumizitsa. Ndi chifukwa chake mizere imatha kubwera mukangotembenukira kumene kuli nyali zambiri. Makamera ndi mafoni ena ali ndi malo olembedwa Anti-flicker kapena Anti-banding. Sankhani 50Hz kapena 60Hz molingana ndi magetsi a kumene muli.

Pali nambala ina imene anthu amaisokoneza ndi shata, ya fps, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30 fps. Pamenepo chithunzi chilichonse chimayamba patadutsa kuphethira kutatu ndi kachidutswa, ndiye mizere imasuntha malo chithunzi ndi chithunzi, n'kumaoneka ngati ikuyenda. Pa 25 fps pamadutsa kuphethira kunayi kwathunthu, ndipo mizere ikakhalapo imaima kapena kukwawa pang'onopang'ono. Koma mvetsetsani, fps imangosintha kayendedwe ka mizere, yoichotsa ndi shata. Mukhoza kukhala pa 30 fps ndi shata ya 1/50 kapena 1/100, vidiyo n'kutuluka yoyera. Komabe pa 50 Hz ine ndimakonda 25 fps ndi 1/50. A iPhone, 25 fps imaoneka mukayatsa Show PAL Formats pansi pa Record Video.

Mukatsitsa shata kufika pa 1/50 chithunzi chimatha kuwalitsa. Musathamangire kuikwezanso. Tsitsani kaye ISO, nambala ya mmene sensa imamvera kuwala, chepetsani chibowo cha galasi ngati kamera ikulola, kapena vekani galasi lakuda lochepetsa kuwala lija lolembedwa ND.

Tsopano pomwe njirayi imakanika. Mababu ena a LED, makamaka ochepetseka kuwala, a m'mapwando ndi zikwangwani zikuluzikulu zija, satsata magetsi a m'mawaya. Amadziyatsa ndi kudzithimitsa okha, maulendo mazanamazana kapena masauzande pa sekondi. Mudzawadziwa ndi mizere yopyapyala, yambiri, imene sichoka pa 1/100. Apa yambani mwakweza nyaliyo mpaka pamapeto, chifukwa zambiri zimasiya kapena kuchepetsa kuphethira zikakhala pa mphamvu zonse. Zikakanika, talikitsani shata, 1/50 kapena 1/25, kuti kachidutswa kotsala kaja kachepe poyerekeza ndi kuwala konse, ngakhale manja a ovina adzaoneka mwachizimezime ngati apakidwa. Makamera ena amalola kusuntha shata pang'onopang'ono, monga 1/50.3 kapena 1/97, pansi pa dzina la Synchro Scan kapena Variable Shutter. Mumazungulitsa mukuyang'ana khoma mpaka mizere itatha. Zomwezi zimathandiza pa jenereta, chifukwa injini yake ikalemedwa magetsi amatsika pansi pa 50 Hz.

Ndaona dzanja kumbuyoko, mukufunsa za vidiyo yoyenda pang'onopang'ono ija. Imeneyo ndi yovuta, bambo. Pa 240 fps shata singatalike kuposa 1/240, choncho pa magetsi a 50 Hz singakwanitse ngakhale theka la kuphethira kumodzi, ndipo kuthwanima kudzaoneka ndithu. Pa magetsi a 50 Hz malire anu ndi 100 fps ndi shata ya 1/100. Mukafuna kupitirira pamenepo, thimitsani nyalizo mujambulire pa kuwala kwa dzuwa, kapena mubweretse nyali zopangidwira kujambula vidiyo, ndipo nazonso muziyese pakhoma kaye.