Nkhuku, akalulu kapena njuchi? Makalata ochokera ku Bembeke ndi ku Tsangano

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi ena a ku Bembeke, m'boma la Dedza. Alemba kuti: "Ndagulitsa mbatatesi ndipo katsala kandalama. Nditafunsa kusitolo, ndapeza kuti kakukwana matumba 4 a chakudya cha nkhuku zoyera. Mwana wanga akuti tigule anapiye 50. Mlamu wanga akuti akalulu, pomwe kumpingo akutiuza za njuchi. Ndalamayi ndi yokhayi, ikalowa m'madzi ndagwira fuwa la moto. Ndiyambe chiyani?"

Zikomo mayi. Mwachita bwino kuyeza ndalama yanu ndi matumba, chifukwa mitengo masiku ano sigona pamodzi, koma mimba ya nkhuku sisintha. Tiyeni tiwerengere limodzi, mwana wanuyo akhale pafupi ndi wailesi.

Nkhuku yoyera imodzi, kuyambira tsiku lomwe mwaitenga mpaka milungu 6 pomwe imagulitsidwa, imadya chakudya chapafupifupi makilogalamu 4, tikaphatikiza ndi chomwe imataya pansi. Nkhuku 50 ndiye kuti makilogalamu 200, omwe ndi matumba 4 a makilogalamu 50. Ndalama yanu yonse yathera m'mimba mwa nkhuku musanagule mwanapiye ndi mmodzi yemwe. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro mulibe, makala mulibe, zomwera ndi utuchi woyala pansi mulibenso. Zomwe zimachitika kwa ambiri n'zakuti chakudya chimatha sabata yachinayi, nthawi yomwe nkhuku zayamba kudya ngati zatumidwa, munthu n'kuyamba kuzipatsa madeya. Nkhuku yoyera pa madeya okha sinenepa. Imangoima, miyendo n'kuyamba kufooka, ndipo pofika sabata yachisanu ndi chitatu mukudyetsabe nkhuku zomwe ogula akuzinyamula n'kuzibweza pansi. Ngati mtima wanu uli pa zoyera basi, ndalamayi ndi ya anapiye 25, osapitirira.

Ndiye palinso kuzizira kwa kwanuko. Mwanapiye wa sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, usana ndi usiku, ndipo inu mukudziwa mmene Bembeke amakhalira mu Juni ndi Julaye, chifunga chili kholophethe mpaka dzuwa litakwera. Ine zinandionekerapo. Chaka china ndinasunga anapiye m'kachipinda, mbaula ya makala ili pakati. Usiku wina tulo tinandiba, moto n'kuzima. M'mawa ndinapeza anapiye aunjikana pakona ngati mulu wa thonje, ndipo nditawasuntha a pamwamba, a pansi anali atauma kale, oponderezedwa ndi anzawo. Usiku wotsatira, chifukwa cha mantha, ndinatseka paliponse polowa mphepo, mpweya wa makala n'kuphanso ena. Anapiye amakuuzani okha: akaunjikana pafupi ndi mbaula azizidwa, akathawira kumakoma kukamwa kuli yasa atenthedwa, akamwazikana n'kumadya ndiye kuti zili bwino. Koma kuti muwamve, muyenera kudzuka kawiri kapena katatu usiku uliwonse kwa milungu iwiri kapena itatu.

Sindikunyoza nkhuku zoyera ayi. Pa ziweto zonse mwatchulazi, ndi zokhazi zomwe zimabweza ndalama m'mwezi umodzi ndi theka. Vuto lake n'lakuti ndalama yonse imalowa pakamodzi, ndipo zikakhwima sizidikira. Tsiku lililonse lomwe zakhala osagulidwa zikudya phindu lanu. Wopanda oda yodziwika, kaya kumalo odyera pa Dedza boma kapena kwa ootcha nyama m'mbali mwa msewu wa M1, amathera pokongoza, ndipo ngongole ya nkhuku yodyedwa kale mukuidziwa mmene imavutira kutolera.

Mwana wanu sanatchule nkhuku zachikuda, mwina akuziona ngati zachikale. Misoti 5 ndi tambala mmodzi sizingadye ngakhale theka la ndalama yanu, ndipo chakudya chambiri zimadzifunira zokha. Thadzi limaikira mazira 10 mpaka 15, n'kufungatira masiku 21, ndipo limatero katatu pachaka. Adani ake ndi awiri. Woyamba ndi chitopa, chomwe ena amati chideru, chimene chimakonda kubwera nyengo yotentha dzinja lisanayambe. Mukaona nkhuku yagwetsa mapiko ngati yavala jekete, ikutsegula m'mimba zobiriwira, ina khosi lapindika, dziwani kuti chafika, ndipo mankhwala ochiza palibe. Chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa. Koma katemera wake, wotchedwa I-2, ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse miyezi inayi iliyonse, ndipo mtengo wake pa nkhuku imodzi sufika ngakhale pa mtengo wa dzira. Alangizi a ziweto a kwanuko akuuzani tsiku lomwe akutemera. Mudzatemere nkhuku zili bwino, osati zitayamba kudwala. Mdani wachiwiri ndi mphamba ndi likongwe, omwe amatola anapiye mmodzimmodzi mpaka pa khumi kutsala anayi. Atsekereni anapiye mwezi woyamba, muziwapatsa chakudya pomwepo. Ndalama yake mudzaiona pakatha miyezi 6 kapena 7.

Tsopano mlamu wanu. Ine ndili kumbali yake, ngakhale pali pomwe ndimutsutse. Kalulu wamkazi amatenga bere masiku 31 okha, n'kuswa ana 6 mpaka 8. Ana amaleka kuyamwa pa milungu 6 kapena 8, ndipo pa miyezi 4 kapena 5 afika podyedwa. Tiyerekeze kuti mwagula aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, aliyense n'kuswa kanayi pachaka ana 6: amenewo ndi ana 48, ndipo ngakhale ena atafa mutsala ndi pafupifupi 40. Chakudya chawo chili m'munda mwanu: chisoso, kholowa, bonongwe, masamba a mtedza ndi a nyemba, kuwonjezerapo kadzanja ka madeya othira kamchere. Ndalama yaikulu imapita ku khola, makamaka waya, ndipo imeneyo mumalipira kamodzi. Pansi pake mukhoza kuyala nsungwi motalikirana pang'ono kuti zitosi zizigwa. Kuzizira kwa Bembeke kalulu wamkulu sakuopa, amavutika ndi kutentha kumene. Wina akafa, mwataya kalulu mmodzi, osati mpamba wonse.

Pomwe ndikumutsutsa mlamu wanu ndi pamsika. Nkhuku mukaimirira nayo pa Lizulu tsiku la msika, wogula apezeka. Kalulu sali choncho. Ena sanazolowere nyama yake, a mipingo ina sadya, ndipo ambiri omwe amagula amafuna mbewu, osati ndiwo. Ogula mbewuwo amatha msanga, chifukwa aliyense amene mwamugulitsa mawa akhala wopikisana nanu. Ndiye musanakhome msomali, pezani anthu atatu kapena anayi omwe anena kuti azigula mwezi ndi mwezi.

Za njuchi ndiyankha pa kalata yachitatu, koma kwa inu mayi mwachidule: njuchi sizidya ndalama tsiku ndi tsiku, koma mng'oma wa matabwa, chovala chodzitetezera ndi chofukizira utsi zitenga gawo lalikulu la ndalama yanu, ndipo mukhoza kudikira chaka musanalawe uchi. Zimenezo lowani ndi anzanu akumpingo pagulu, chovala chimodzi muzibwerekana. Ndalama yanuyi ine ndikanaigawa chonchi: akalulu atatu ndi khola lake, misoti 5 yotemera ndi tambala, kotsalako n'kusunga osakhudza. Nkhuku zoyera zidikire mpaka akalulu atakugulirani matumba ake, ndipo mudzaziyambe nyengo itafunda, osati mu Juni.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo ena a ku Tsangano, ku Ntcheu. Akuti: "Akalulu anga amaswa bwino, koma ana akangoyamba kudya okha amatupa mimba, kutsegula, n'kufa. Ndimawapatsa zomwe ndazula kudimba m'mawa."

Bambo, ndikukayikira m'mawamo ndi kudimbako. Masamba a mame, kapena ounjikidwa m'thumba mpaka kutentha, amatupitsa mimba ya kalulu wamng'ono. Muzithyola lero n'kuyanika pamthunzi kuti afote, adye madzulo kapena mawa lake. Ndiponso Tsangano ndi kwawo kwa mbatatesi ndi tomato, ndipo masamba a mbewu ziwirizi ali ndi poizoni kwa kalulu. Kholowa wa mbatata ya kholowa ndi wabwino, masamba a kachewere ayi. Udzu womera m'mizere yomwe mwapopera mankhwala nawonso usafike kukhola.

Ngati zonsezi mukuzipewa kale, yang'anani pansi pa khola. Pali nthenda ya kokisidiyosisi, yomwe tizilombo take timayenda m'zitosi. Mayi amakhala nato osadwala, koma ana ongoleka kuyamwa ndi omwe amagwa. Mukasenda wakufayo n'kupeza timadontho toyera pachiwindi, ndi imeneyo. Chakudya muzichimangirira m'mwamba kuti asachipondeponde, pansi pazikhala pouma, ndipo alangizi akupatseni mankhwala othira m'madzi akumwa pa nthawi yoletsa kuyamwa. Chinanso, miyendo ya khola muiike m'zitini za oilo wakutha. Linthumbu likalowa usiku silisiya mwana ndi mmodzi yemwe.

Yomaliza yachokera kwa achinyamata a kalabu ina kufupi ndi phiri la Chongoni: "Tinapachika ming'oma 6 miyezi isanu yapitayo. Njuchi zalowa iwiri yokha, ndipo umodzi zatulukamonso. Kodi tinagula ming'oma yolakwika?"

Achimwene ndi achemwali, mwina ming'oma ilibe mlandu. Si mng'oma uliwonse umene umalowedwa chaka choyamba, ndipo pomwepa ndi pomwe anthu amalakwitsa masamu a njuchi: amawerengera uchi wa ming'oma yonse pomwe yogwira ntchito ndi theka. Tsegulani yopanda kanthuyo. Kawirikawiri mupezamo nyerere, akangaude, buluzi kapena chisa cha mbewa, ndipo njuchi sizilowa m'nyumba ya eni. Sesani, muwaule pang'ono ndi udzu, kenaka mupake phula losungunula m'munsi mwa timatabwa ta pamwamba. Timatabwato tiyezeninso: kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi, apo ayi njuchi zidzamanga zisa zopingasa zomwe simungazitulutse osaswa.

Zomwe zinathawazo zinasowa mtendere. Njuchi zathu zimasamuka msanga zikavutitsidwa ndi nyerere, dzuwa la masana, utsi wa moto wolusa kapena zikasowa madzi. Pachikani ming'oma ndi waya pamthunzi, mupake girizi pawayapo, ndipo ikhale yolendewera kuti chiuli chisapeze pogwira. Lambulani udzu mozungulira nyengo ya moto isanafike, muikenso beseni la madzi lokhala ndi timitengo toterapo. Umodzi womwe watsalawo musamautsegule pafupipafupi chifukwa cha chidwi, ndipo pokolola mudzatenge zisa zomatidwa ndi phula zokha, zokhala ndi ana muzisiye.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Bembeke, mudzatilembere akalulu akaswa koyamba, mutiuze kuti abadwa angati.