Kupepesa wokondedwa m'Chichewa pomwe kwanu mumayankhula Chisena

Moni nonse otitsatira ku Nsanje, Bangula, Ngabu ndi Nchalo. Lero tikukamba ndi inu amene kwanu mumayankhula Chisena, koma wachikondi wanu amamva Chichewa chokha. Mwayambana usiku, kwacha, mwatenga foni kuti mupepese.

Ambiri Chichewa cholemba anachiphunzira kusukulu, m'makalata opita kwa aphunzitsi aakulu. N'chifukwa chake chala chikafika pa foni, chimatulutsa zotere:

(Pa sikirini) "Ndalemba uthengawu pofuna kupepesa pa zomwe zinachitika. Ngati ndinakulakwirani, mundikhululukire, koma nanunso munandipsetsa mtima."

Uthengawu ndi wa bambo wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Anakalipira mkazi wake pamaso pa mlamu wake chifukwa cha ndalama za mbuzi yomwe anagulitsa.

Taonani pomwe wapunthwa. Masiku onse amamuitana mkaziyo kuti "iwe", koma lero mwadzidzidzi wamusandutsa "inu". Mayiyo akangowerenga, amva ngati mwamuna wake wamutalikira, mwinanso kuti akumunyogodola. Ngati pakhomo panu mumaitanana "amake mwana" ndi "inu", pitirizani choncho. Chofunika n'chakuti musasinthe pa tsiku la mkangano.

"Zomwe zinachitika" sizikutchula cholakwa chilichonse. "Ngati" akusonyeza kuti bamboyo sakuvomera kuti analakwa, ndipo "koma" wautsanso mlandu womwe amafuna kuuzimitsa.

Ndiye musayambe ndi kulemba. Khalani panokha, yerekezani kuti ali patsogolo panu, yankhulani mokweza m'Chichewa chomwe mumachezera naye pakhonde, mukudzijambula mawu. Kenako mvetserani, lembani zomwe mwanenazo osazikongoletsa. Liwu lomwe simunalitulutsepo pakamwa panu pocheza naye, lichotseni, ngakhale likhale lokoma chotani. Miyambinso isiyeni, chifukwa mwambi wobwereka umamveka ngati ulaliki.

(Pa sikirini) "Dzulo ndinakukalipira pamaso pa mng'ono wako, ndinakuchititsa manyazi. Ndalakwa, pepa. Za ndalama ija tikambirane awiri Loweruka ndikabwera."

Ziganizo zitatu basi. Watchula chimene anachita, wavomera, wanenanso tsiku lokonza zinthu. Uthengawu sukupitirira zilembo 160, choncho ngakhale pa kafoni ka mabatani upita ngati meseji imodzi. Ngati pali liwu limodzi la Chisena lomwe mumamuitanira mukamaseka, ndipo amalidziwa, liikeni poyambirira. Limenelo adzalimva m'mawu anu enieni.

Tumizani kamodzi. Pa WhatsApp timizere tiwiri tikasanduka tabuluu iye osayankha, musathire mameseji ena asanu ofunsa chifukwa chake, mpatseni tsiku. Koma ngati panali kumenyana, kapena nkhani yafika kale kwa ankhoswe, foni siingathetse zimenezo. Uthengawo ungopempha tsiku lokumana, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo.