Mapointi akafanana, chikho nchandani?

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Miyala inagendedwa pabwalo Lamulungu lija, mwana mpaka kusokedwa pamutu, gwero lake ndi masamu. Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi.

Timu ikapambana imapeza mapointi 3, ikafanana mphamvu ndi inzake pointi imodzi, ikagonja palibe. Akumsika asewera masewero 10: apambana 6, afanana mphamvu kawiri, agonja kawiri. 18 kuwonjeza 2, mapointi 20. Akusukulu apambana 5, afanana mphamvu kasanu. 15 kuwonjeza 5, nawonso 20. Mukuti "ife sitinagonjepo". Zoona, koma kufanana mphamvu kulikonse mumasiya mapointi awiri pabwalo.

Mapointi akafanana, lamulo la ligi yathu likuti tiyang'ane kusiyana kwa zigoli. Tengani zigoli zomwe mwachinya, muchotsepo zomwe mwachinyidwa. Akumsika achinya 18, achinyidwa 9, kutsala 9. Akusukulu 14 kuchotsa 7, kutsala 7. Chikho nchakumsika. Lamuloli lili papepala lomwe makochi munasainira ligi isanayambe. Munasaina osawerenga, eti? Werengani malamulo ligi isanayambe!

(Wina kumbuyo: "Koma tinawachinya ife amenewa!")

Achimwene, khalani pansi, funso lanu ndi labwino. Munawachinya 1-0, ulendo wachiwiri 1-1. Tikanawerenga masewero awiri okhawo, inu mapointi 4, iwo imodzi, chikho chikanapita kusukulu. Njira imeneyo iliko, ndipo si yabodza. Ku Spain amayamba nayo. Mu 2007 Real Madrid ndi Barcelona anamaliza ndi mapointi 76 onse. Pa kusiyana kwa zigoli Barcelona inali patsogolo kutalitali, koma atakumana okhaokha Madrid inapambana 2-0, kenako 3-3, basi chikho ku Madrid. Ku England ayi. Mu 2012 Manchester City ndi Manchester United anali ndi 89 onse, City nkutenga chikho chifukwa inatsala ndi zigoli 64, United 56. Mpira ndi womwewo, malamulo ndiwo osiyana. Chosaloledwa nkusankha njira yokukomerani mutaona kale zotsatira. Werengani malamulo ligi isanayambe, osati itatha.

Ndaona ena mwayamba kuyasamula, ndithamange. Kusiyana kwa zigoli kukafanananso, timaona yemwe wachinya zambiri. Zikafanananso, m'pamene ife timapita ku masewero omwe anakumana okhaokha. Akakhala matimu atatu, lembani kandandanda ka atatu okhawo. Zikakanikabe, abwerezane pabwalo lomwe si la aliyense.

Alembi, inu: phatikizani zigoli zonse zochinya, zifanane ndi zonse zochinyidwa. Zikasiyana, pali masewero omwe mwalembera timu imodzi yokha. Timu ikalephera kubwera, lembaninso zigoli zomwe lamulo lapereka, osati mapointi okha. Pepala la malamulo tilimata pa bolodi mawa m'mawa. Amfumu, ndabweza kwa inu.