Mzere wowongoka ukugwirizana ndi deta yanu? Yang'anani girafu ya zotsalira

[Pa sikirini: tebulo la minda 7]

Moni nonse. Taonani manambala awa. Tawakonza ngati chitsanzo chophunzirira, koma akutsata momwe chimanga chimachitira ndi feteleza. Tiyerekeze kuti ndi minda 7 ya ku Lunzu, uliwonse hekitala imodzi, mbewu yofanana, mvula yofanana. Munda woyamba sunathiridwe feteleza, wachiwiri thumba limodzi, wachitatu matumba awiri, mpaka womaliza matumba 6. Zokolola zake, powerenga matumba a makilogalamu 50, zinali 16, 26, 37, 44, 47, 51 ndi 52.

Tikaika manambalawa mu Excel, feteleza mu A ndipo zokolola mu B, tikhoza kupeza mzere wowongoka wodutsa pakati pa madontho amene manambalawa amapanga pa girafu. Ntchito imeneyi ndi imene timaitcha rigiresheni.

```
=SLOPE(B2:B8,A2:A8)
=INTERCEPT(B2:B8,A2:A8)
=RSQ(B2:B8,A2:A8)
```

Mayankho ake ndi 6, 21 ndi 0.91. Mzere wathu ndi y = 21 + 6x. Ukunena kuti munda wopanda feteleza utulutsa matumba 21, ndipo thumba lililonse la feteleza liwonjezera matumba 6 a chimanga. R² ya 0.91 ikuoneka yosangalatsa, moti ophunzira ambiri akaiona amatseka kompyuta n'kuyamba kulemba lipoti. Musafulumire. R² imangotiuza kuti madontho ali pafupi bwanji ndi mzere. Siitiuza ngati mzere wowongoka ndiwo woyenera.

[Pa sikirini: dontho limodzi, ndi kamzere kochoka pa dontho kutsikira pa mzere]

Chotsalira ndi kusiyana kwa zimene munakololadi ndi zimene mzere unalosera. Mumayamba ndi nambala yeniyeni, n'kuchotsapo yoloseredwa, osati kutembenuza. Titenge munda wa matumba 3 a feteleza. Mzere ukuti 21 kuphatikiza 18, ndiye 39. Mlimi anakolola 44. Chotsalira ndi 5, kutanthauza kuti mzere unachepetsa. Munda wopanda feteleza, mzere ukuti 21 koma m'nkhokwe munalowa 16. Chotsalira ndi -5, apa mzere unalonjeza zambiri.

Mu Excel, zoloseredwa ziikeni mu C ndipo zotsalira mu D, kenako kokerani mpaka pansi.

```
C2: =21+6*A2
D2: =B2-C2
```

Zotsalira zonse 7 zikutuluka motere: -5, -1, 4, 5, 2, 0, -5.

Mukaziphatikiza mupeza 0. Izi zisakupatseni chilimbikitso chilichonse. Njira imene kompyuta imapezera mzere imachititsa kuti zotsalira ziziphatikizana kukhala 0 nthawi zonse, mzere ukhale woyenera kapena wolakwika. Chimene chili ndi uthenga ndi kandandalikidwe kake, ndipo kameneka kamaoneka pa girafu.

[Pa sikirini: girafu yopanda kanthu, mzere wogona pa 0]

Girafu ya zotsalira imajambulidwa chonchi. Chopingasa mumaika manambala oloseredwa, kapena x yemweyo ngati muli ndi x mmodzi. Choimirira mumaika zotsalira. Pa 0 pamadutsa mzere wogona. Mzere wogonawu ndi mzere wanu uja wa rigiresheni, kungoti taugoneka pansi kuti kukwera kwake kusatiphimbe m'maso. Pa girafu yoyamba ija diso limatengeka ndi kukwera kwa zokolola kuchoka pa 16 kufika pa 52, ndiye kuphonya kwa matumba 5 kumaoneka kochepa. Kukwerako kukachotsedwa, chotsala pa girafu ndi kuphonya kokhakokha, ndipo kumaoneka bwinobwino.

Chenjezo limodzi pano. Chopingasa musaike zokolola zenizeni. Chotsalira ndi gawo la nambala yeniyeniyo, choncho mukatero madontho amapendekera m'mwamba ngakhale mzere wanu ulibe vuto, ndipo muyamba kufunafuna matenda pamene palibe.

Mzere ukakhala woyenera, madontho amamwazika ngati chimanga chimene mwawazira nkhuku pabwalo: ena pamwamba pa 0, ena pansi, osatsatana, ndipo kutalikirana kwawo ndi 0 n'kofanana kumanzere, pakati ndi kumanja. Yesani kuphimba dontho limodzi ndi chala. Ngati simungathe kudziwa kuti lili pamwamba kapena pansi pongoona anzake oyandikana nalo, zinthu zili bwino.

[Pa sikirini: madontho 7 akuwonekera limodzilimodzi]

Tsopano onani athu. Awiri oyamba ali pansi. Atatu apakati ali pamwamba. Lachisanu ndi chimodzi lakhala pa 0 penipeni, lomaliza lagwera pansi. Akujambula uta. Kumeneku si kumwazika. Ndi chizindikiro chakuti deta ikupindika pamene ife taikakamiza mzere wowongoka.

Chifukwa chake chili m'munda momwemo. Chimanga chimene chili ndi njala ya chakudya cha m'nthaka chimalandira thumba loyamba ndi manja awiri. Mu deta yathu loyamba linawonjezera matumba 10, lachiwiri 11, lachitatu 7. Koma mbewu ikakhuta, chimene chimaibweza si feteleza ayi, ndi madzi, dzuwa, kapena mtundu wa mbewuyo. Ndiye lachinayi linawonjezera 3, lachisanu 4, lomaliza thumba limodzi lokha. Mzere wowongoka sungathe kunena zimenezi, chifukwa umadziwa nambala imodzi basi. Wasakaniza 11 ndi 1 n'kutipatsa 6 paliponse.

Apa ndi pamene cholakwikacho chimafika m'thumba la mlimi. Tinene kuti mlangizi wakhulupirira mzerewu, mlimi n'kumufunsa kuti, "Alangizi, ndikathira matumba 8 ndikolola angati?" Mzere uyankha kuti 69. Koma deta yathu yafika kale pa 51 ndi 52, yaleka kukwera. Mlimi akagula matumba awiri owonjezerawo ku Limbe, kulipira ndi mayendedwe omwe, ndalama yake siibwerera. Ndipo amene alibe feteleza n'komwe auzidwa kuti ayembekezere 21 pamene zoona zake ndi 16. Mzerewu ukuphonya kwambiri kumathero onse awiri, komwe kuli anthu ofuna malangizo kwambiri.

Kukonza kwake ndi kulola mzere kupindika. Onjezerani x² ngati chinthu chachiwiri cholosera. Kwa amene mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya R, malamulo ake ndi awa:

```r
x <- 0:6
y <- c(16, 26, 37, 44, 47, 51, 52)
m1 <- lm(y ~ x)
plot(m1, which = 1)
m2 <- lm(y ~ x + I(x^2))
plot(m2, which = 1)
```

Girafu imene imatuluka ili ndi mutu wakuti Residuals vs Fitted, ndipo ili ndi kamzere kofiira kotsata pakati pa madontho. Pa m1 kamzereko kamakwera n'kutsika. Pa m2 timapeza y = 15.76 + 12.29x - 1.05x², ndipo zotsalira zake, tikazifupikitsa, ndi 0.2, -1.0, 0.9, 0.8, -1.1, 0 ndi 0.2. Palibe choposa thumba limodzi ndi pang'ono, ndipo uta uja watha. R² yafika pa 0.997, koma si chifukwa chake tikuvomereza m2. R² siitsika mukawonjezera chinthu cholosera, ngakhale chopanda ntchito. Tikuvomereza chifukwa zotsalira zaleka kujambula chithunzi, komanso kupindikako n'komveka kwa aliyense wodziwa ulimi. Dziwaninso kuti mzere wopindikawu umafika pamwamba penipeni pafupi ndi matumba 6, kenako umayamba kutsika. Ife tilibe munda wa matumba 8 kapena 10, choncho zimene ukunena kumeneko musazitenge ngati umboni.

[Pa sikirini: madontho othinana kumanzere, otambasuka kumanja]

Pali chithunzi china chimene mudzakumana nacho kawirikawiri. Madontho ali mothinana kumanzere, n'kumatambasuka kupita kumanja, ngati fanulo yothirira palafini. Zimachitika ndi deta ya ndalama. Ganizani za lendi ya nyumba poyerekeza ndi kuchuluka kwa zipinda. Nyumba za chipinda chimodzi mitengo yake siitalikirana kwenikweni. Koma za zipinda zinayi, ina ili ku Ndirande, ina ku Namiwawa, kusiyana kwake n'kwakukulu. Apa mzere ukhoza kudutsa pakati bwinobwino. Chimene chasokonekera ndi malire a kuphonya amene kompyuta ikukupatsani, chifukwa imawerengera ngati kuphonya n'kofanana paliponse. Malirewo amakhala otambalala mopitirira pa nyumba zazing'ono, n'kukhala opanikiza pa zazikulu. Nthawi zambiri kugwiritsa ntchito `log(y)` m'malo mwa y kumathandiza, bola manambala onse akhale oposa 0. Koma pa chitsanzo ichi yambani mwafunsa ngati simunasiye dera limene nyumbayo ili, n'kulionjezera pa zinthu zolosera.

Dontho limodzi likatalikirana ndi anzake, musalifufute msanga. Bwererani ku kope limene munalembamo. Mwina 44 inalembedwa 14, mwina munda umenewo unagwidwa ndi mbozi, kapena uli m'dambo. Ndipo samalani kwambiri ndi dontho limene lili patali chopingasa, monga munda umodzi wa matumba 15 pakati pa minda ya matumba 0 mpaka 6. Dontho lotere limakokera mzere kwa ilo lokha, ndiye chotsalira chake chimaoneka chaching'ono pamene ndilo lapotoza zonse. Njira yoligwirira ndi kulichotsa kaye, kuwerengeranso, n'kuona ngati nambala yochulukitsa x yasintha kwambiri.

Mu 1973 katswiri wa masamu Francis Anscombe anaonetsa zimenezi ndi magulu anayi a deta, lililonse la madontho 11. Onse anali ndi mzere umodzi, y = 3 + 0.5x, ndi R² pafupifupi 0.67. Gulu limodzi linali lomwazika bwino, lina lopindika, lina linali ndi dontho losochera, ndipo lomaliza mzere wonse unadalira dontho limodzi. Mu R lembani `anscombe` ndipo muwaona nokha.

[Pa sikirini: tebulo la minda 7 libwereranso]

Minda 7 ndi yochepa, ndipo ndi madontho ochepa chonchi diso likhoza kuona uta pamene pali mwangozi chabe. Pano tikukhulupirira chifukwa zotsalira zatsika kuchoka pa 5 kufika pafupifupi 1, ndiponso ulimi ukuvomereza. Zikanakhala kuti uta ndi wosaoneka bwino, tikanafuna minda iwiri kapena itatu pa mlingo uliwonse wa feteleza, kuti tione kuti minda yothiridwa mofanana imasiyana bwanji yokha. Kusiyana kumeneko kukakhala kwa thumba limodzi kapena awiri, kuphonya kwa matumba 5 ndi vuto la mzere. Kukakhala kwa matumba 8 kapena 10, uta wathu ukhoza kukhala phokoso la nthaka ndi mvula, ndipo pamafunika minda yambiri tisanagamule.