Chifupikitso: chifukwa chake kukopera ziganizo kukukudyerani malikisi

[Pa sikirini: pepala la chifupikitso, ziganizo zitatu zodulidwa mzere ndi cholembera chofiira]

Moni nonse. Taonani pepala ili. Mulibe liwu lolembedwa molakwika, zizindikiro za m'kalembedwe zili m'malo mwake, chiwerengero cha mawu sichinapyole malire, koma malikisi ndi ochepa. Pambali aphunzitsi angolemba kuti: "Mwakopera. Lembani m'mawu anuanu." Ophunzira ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 akaona zotere amadandaula kuti, "Koma aphunzitsi, mfundozo ndi zomwezo zili m'nkhanimo!" Zoonadi ndi zomwezo. Vuto lili pa njira imene mfundozo zafikira papepala lanu, ndipo lero titsatira njirayo ndi nkhani imodzi yokha, kuyambira poiwerenga mpaka poyankha.

[Pa sikirini: nkhani yonse]

Nkhani yathu ndi iyi. Ndiwerenga pang'onopang'ono.

"Nyanja ya Chilwa, yomwe ili kum'mawa kwa Zomba, ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi ake amachokera ku mvula ndi ku mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, ndipo popeza nyanjayi si yakuya, dzuwa limamwa madzi ambiri m'nyengo yotentha. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanjayi imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Anthu akamadula mitengo m'mapiri ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje, dothi limakokoloka n'kukadzaza pansi pa nyanja. Alimi ena amapatutsanso madzi a mitsinjeyi kuti athirire mpunga. Nyanja ikaphwa, asodzi a matemba, makumba ndi milamba amapachika maukonde, ena n'kusamukira ku nyanja zina, ndipo amayi ogulitsa nsomba zouma m'misika amasowa pogwira."

Funso likuti: m'mawu osapitirira 40, fotokozani zimene zimachititsa kuti nyanja ya Chilwa iphwe. Gwiritsani ntchito mawu anuanu.

[Pa sikirini: yankho loyamba]

Yankho loyamba ndi lija la papepala lofiira. Wophunzira wasankha ziganizo zitatu zimene zamukomera n'kuzisamutsa momwemo:

"Nyanja ya Chilwa, yomwe ili kum'mawa kwa Zomba, ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanjayi imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Anthu akamadula mitengo m'mapiri ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje, dothi limakokoloka n'kukadzaza pansi pa nyanja."

Werengani mawuwo, akwana 40 ndendende. Tsono tiyeni tione kumene apita. Chiganizo choyamba chadya mawu 12, koma sichikutchula chifukwa chilichonse cha kuphwa. Chikungotiuza kumene nyanja ili ndi mmene inakhalira. Kachigawo kakuti "monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995" kadya mawu 7, ndipo ndi chitsanzo chabe. Ndiye kuti mawu 19 mwa 40 apita pachabe. M'nkhaniyi muli zifukwa zinayi, koma wophunzirayu wagwira ziwiri zokha. Dzuwa ndi mpunga zasowa malo.

Apa ndi pamene ndikufuna muyang'anitsitse. Kukopera kumakulangani kawiri. Mumataya malikisi chifukwa mawuwo si anu, komanso mumataya mfundo, chifukwa mlembi wa nkhani analemba ali ndi malo ambiri, inu muli ndi mawu 40 okha. Chiganizo chake chikabwera, chimabwera ndi katundu wake yense: zitsanzo, mayina a malo, mawu okometsera.

Nanga wochonga amaumiriranji mawu anuanu? Iye sangalowe m'mutu mwanu. Munthu amene sanamve n'komwe tanthauzo la "kukokoloka" akhoza kukopera chiganizo chija bwinobwino, wopanda cholakwa. Choncho chiganizo chokopera sichipereka umboni uliwonse woti mwamva nkhani. Ena mwa inu mumalemba mayeso a Cambridge IGCSE. Pa phunziro la Chingerezi la 0500, funso la chifupikitso limafuna mawu osapitirira 120, ndipo malikisi 10 ndi a zimene mwatola m'nkhani, 5 ndi a kalembedwe kanu. Ngati ziganizo ndi za mwini nkhani, kalembedwe kanu kali pati koti munthu akapatse malikisi? Kwa inu a MSCE, kaya ndi chifupikitso cha Chichewa kaya cha Chingerezi, luso loyesedwa ndi lomwelo.

Musaganizenso kuti wochonga sazindikira. Nkhaniyo waiwerenga kangapo, ndipo mapepala ambiri amene wadutsamo akhala ndi ziganizo zomwezo. Chiganizo chokopera pakati pa ziganizo zanu chimaoneka ngati chigamba cha nsalu yatsopano pa malaya akale: mawu ake ndi ena, kutalika kwake ndi kwina. Nthawi zina chimabweranso ndi timawu topanda cholozera. Mukakopera "Alimi ena amapatutsanso madzi a mitsinjeyi" musanatchule mtsinje uliwonse, wowerenga afunsa kuti mitsinje iti? Nanga "-nso" uja akuwonjezera pa chiyani?

[Pa sikirini: yankho lachiwiri, pambali pa chiganizo cha m'nkhani]

Tsono wophunzira akadzudzulidwa, kawirikawiri amalowa mu msampha wachiwiri. Amasiya chiganizo chili chiimire, n'kumangosintha liwu limodzilimodzi. Pamene nkhani yati "Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanjayi imaphwa," iye alemba kuti "Mvula ikasowa zaka zondondozana, nyanjayi imauma." Ikani ziganizo ziwirizi pamodzi. Mawu asanu ndi limodzi uku, asanu ndi limodzi uko, aliwonse pamalo pomwepo. Sanafupikitse kanthu, ndipo wochonga akuonabe chiganizo cha mwini wake.

Njira imeneyi ili ndi ngozi ina yoposa. Posakasaka liwu lofanana, tanthauzo limatha kupotoka. Wina m'malo mwa "dothi limakokoloka" alemba "dothi limawonongeka". Mfundo yathawa, chifukwa nkhani sikudandaula za chonde cha m'munda ayi, ikunena za dothi loyenda ndi madzi mpaka kukakwirira nyanja. Wina m'malo mwa "amapatutsa madzi" alemba "amaba madzi". Nkhani sinanene kuti alimiwo ndi akuba. Amenewo ndi maganizo a wophunzira, ndipo m'chifupikitso simuikidwa maganizo anu.

Gwero la mavuto onsewa ndi limodzi: kulemba maso ali pa nkhani. Diso likaona chiganizo chokonzedwa kale, dzanja limangotsatira. Mankhwala ake ndi kuika kanthu kena pakati pa nkhani ndi yankho lanu.

[Pa sikirini: dzanja likulemba papepala lapadera]

Yambani ndi funso. Likufuna zifukwa, ndiye chiganizo chomaliza chonse, cha asodzi ndi amayi a nsomba zouma, chichoke, chifukwa ndi zotsatira. Kenaka werenganinso nkhani, ndipo pa chifukwa chilichonse lembani pambali mawu awiri kapena atatu basi. Osati chiganizo. Zanga zili motere:

yosazama, kutentha
chilala
nkhalango, magombe, matope
kuthirira mpunga

Onani zimene zachitika kale. Mawu anayi akuti "mvula ikavuta zaka zotsatizana" asanduka liwu limodzi, chilala. Dothi lokokoloka likafika m'madzi ndi matope. Uku ndiye kufupikitsa kwenikweni: kufunsa kuti zimene mlembi wafotokoza motalikazi, dzina lake n'chiyani? Mitsinje itatu ija ingokhala "mitsinje". Funso likanakhala la nsomba, matemba, makumba ndi milamba zikanangokhala "nsomba".

Tsopano tembenuzani pepala la nkhani, kapena liphimbeni ndi dzanja. Ndikunena zenizeni, liphimbeni. Yang'anani timawu tanu tija, ndipo yankhani funso chamumtima ngati mukufotokozera mng'ono wanu amene sanawerenge nkhaniyo. Chiganizo chanu chiyambire pa funso: nyanja imaphwa chifukwa cha chiyani? Mukayambira pamenepo, dongosolo la mlembi limasweka lokha.

[Pa sikirini: yankho lachitatu]

"Nyanja ya Chilwa imaphwa chifukwa cha chilala cha zaka zingapo komanso kutentha kumene kumaumitsa msanga madzi ake osazama. Matope obwera kaamba ka kutha kwa nkhalango ndi ulimi wa m'magombe a mitsinje amaikwirira, pomwe kuthirira mpunga kumachepetsa madzi olowamo."

Mawu 38, zifukwa zonse zinayi. Onani kuti chilala chabwera poyamba ngakhale m'nkhani chinali chachiwiri. Palibe vuto, bola mfundo zikulumikizana. Onaninso mawu omaliza aja, "kumachepetsa madzi olowamo". M'nkhani mulibe mawu amenewa. Nkhani yangoti alimi amapatutsa madzi, koma amene wamva akudziwa kuti madzi opatutsidwawo sakafikanso kunyanja. Kachigawo kameneka ndi kamene kamauza wochonga kuti munthuyu wamvetsa.

Mwina mwaona kuti mawu ena a m'nkhani ndawasunga: Chilwa, mpunga, mitsinje, madzi. Ndachita dala. Mayina a malo ndi a anthu, zaka, manambala, ndi mawu amene alibe mnzake wachidule, musawasinthe. Wophunzira wolemba "mbewu yoyera yomera m'madambo" pothawa liwu loti mpunga wangotaya mawu atatu ndi kusokoneza wowerenga. Chimene chiyenera kukhala chanu ndi kamangidwe ka chiganizo, aneni ake, ndi mmene mwalumikizira mfundo.

Mukatha kulemba, vundukulani nkhani n'kuyerekeza. Muone zinthu ziwiri. Choyamba, kodi tanthauzo lasintha penapake? Chachiwiri, yendetsani chala pa yankho lanu: kodi pali mawu asanu kapena kuposa otsatizana chimodzimodzi ndi a m'nkhani? Ili si lamulo la MANEB, ndi muyeso wodziyesera nokha, koma umagwira malo ambiri amene dzanja linaterereka. Mukapeza malo otere, musangosintha liwu limodzi. Bwererani ku timawu tanu tapambali, chiganizocho muchimange mwatsopano.

Pa pepala la Chingerezi ndi pamene chiyeso chokopera chimakula, chifukwa mumaopa kuthyola galamala, pomwe chiganizo cha m'nkhani chili cholongosoka kale. Mantha amenewo ndi omveka. Koma chiganizo chachifupi, cha mawu wamba amene mumawadziwa bwino, chimene chanyamula mfundo yolondola, chili ndi pogwira malikisi ngakhale mutaphonya kalemba kamodzi. Musafunefune mawu akuluakulu. Chifupikitso chimafuna mawu apafupi kuposa a mlembi, osati ovuta kuposa ake.

Musasokonezenso ndi mafunso a kumvetsa nkhani. Funso likati "pezani liwu m'ndime yachiwiri lotanthauza zakutizakuti", pamenepo koperani liwulo momwe lilili, ndi zimene akufuna. Werengani malangizo a funso lililonse palokha.

[Pa sikirini: nkhani ya Chilwa yabweranso]

Imitsani vidiyo apa, mutenge cholembera. Nkhani ndi yomweyi, koma funso ndi lina: m'mawu osapitirira 15, fotokozani mmene kuphwa kwa nyanja ya Chilwa kumakhudzira anthu. Zonse zili m'chiganizo chomaliza, ndipo mfundo zilimo zitatu. Musagwiritse ntchito mawu akuti "amapachika maukonde" kapena "amasowa pogwira". Dzifunseni kaye kuti munthu wopachika ukonde wasiya kuchita chiyani, lembani yankho lake m'mawu awiri pambali, kenaka phimbani nkhani.