Mphwanga ndi tomato wa azakhali ku Lizulu

Ndakulandiraninso abale anga, a kuno ku Joni, a ku Kepitauni, ndi inu amene mukumvera muli kumudzi. Lero ndiyankhula mtima uli wowawa pang'ono. Loweruka bwana wa shopu ya zamasamba komwe ndimagwira wandidula R300, akuti makireti awiri a tomato aola chifukwa cha ine. Tomatoyo anakagula yekha kumsika atapsa kale kuti psuu, poti anali wotchipa. Ndiye munthu wopanda mapepala ukadandaula kwa ndani?

Usiku womwewo anandiimbira mphwanga, uja anagwidwa apolisi atabwera pa fulati pathu m'bandakucha. Ambiri mukumudziwa. Anamubweza kumudzi ndi chikwama chimodzi, ndipo pano akukhala kwa azakhali athu kufupi ndi Lizulu, ku Ntcheu. Mnyamata ameneyu kuno anali katswiri. Zaka zonsezi ntchito yake inali yosanja zamasamba pa shelefu, ndipo makasitomala ankachita kumufunsa iyeyo kuti awasankhire. Atafika anauza azakhali kuti za kudimba asavutikenso, wabwera mwini wake.

Azakhali sanatsutse. Anamupatsa dengu nati, "Kathyole tomato, mawa kukubwera wogula wa ku Blantyre."

Iye anadzuka mame asanakamuke, n'kuyamba kusankha wofiira yekhayekha, uja amakongola pa shelefu. Amakoka ndi dzanja lonse, nthambi zina n'kuthyoka. Azakhali atafika anakhuthulira dengu lonse pa thumba, n'kukhala pansi.

"Iwe, tomato uyu akupita kuti?"

"Ku Blantyre, azakhali."

"Nanga akafika ali tomato kapena ali msuzi?"

Apa ndipamene pali nkhani yonse, abale anga. Ife kuno timaona tomato ali kumapeto kwa ulendo wake, wina anamuthyola kale. Kudimba umayamba wadziwa kumene akupita. Wofiira thupi lonse ndi wa mumphika lero, kapena wa pa mulu pamsewu. Wa ulendo wautali umathyola atangoyamba kusintha mtundu, ndipo kusinthako kumayambira kunsi, kumene kunali duwa, osati ku phesi. Ndiye suyang'ana pamwamba uli chiimire. Umawerama, n'kumutembenuza. Ukaona kunsi kwayamba chikasu kapena kufiirira pang'ono, ameneyo wakhwima, akapsera m'njira ndipo akafika ali wolimba.

Mphwanga anafunsa kuti bwanji osangothyola wobiriwira yense, poti akapsa yekha. Azakhali anatenga mpeni n'kudula awiri obiriwira pakati. Woyamba njere zake zinadulika pamodzi ndi mpeni, m'kati muli gwa. Wachiwiri m'kati munali toterera, njere zikuthawa mpeni osadulika. Anati wachiwiriyu ukamusunga apsa bwinobwino. Woyambayu ndi wanthete: adzangofota, ndipo ngakhale afiire sakoma, wogula sabweranso.

Panalinso wina amene mphwanga ananyadira kuti wapsa msanga kuposa anzake pa tsango limodzi. Azakhali anamuonetsa kabowo pafupi ndi phesi. Tomato wolowedwa mbozi, kapena wakuda kunsi chifukwa chothirira modukizadukiza, amafulumira kufiira. Mmodzi yekha akafiira anzake onse ali biriwiri, yamba wamukayikira.

Ndi zimenezi ndimafuna kumuuza bwana uja. Kireti ya tomato wofiira kale, n'kusanjikiza ina pamwamba, kunja kukutentha chonchi, akuyembekeza chiyani? Ndinamuuza tsiku lomwe anabweretsa kuti uyu tigulitse lero motsitsa. Anandiyankha kuti Mmalawi ntchito yake ndi kunyamula. Ife amene tinakulira m'madimba amene amadyetsa Lilongwe ndi Blantyre! Aliyense amene anadutsapo pa M1 akudziwa mmene basi imaimira pa Lizulu, amayi atazungulira ndi mabeseni a tomato, kabichi, anyezi ndi mbatatesi, tsidya lina la msewu kuli kale ku Mozambique. Ndikakumbukira kamphepo kozizira ka pamenepo, pakhosi pamandiuma.

Tibwerere kwa mphwanga. Kathyoledwe nakonso anamuphunzitsa ngati sanagwirepo. Pa phesi la tomato pali kamfundo. Umaika chala chachikulu pamenepo, n'kukweza tomato m'mwamba, amachoka yekha osagwedeza mtengo. Poika mu dengu umachotsa kaphesi kotsalako, chifukwa kamabaya anzake, ndipo wobayidwa ndi amene amayambitsa kuola. Za mame zija anamuletseratu. Ukayenda m'mizere masamba ali onyowa, manja ndi zovala zimatenga matenda a chiwawu pa mtengo wodwala n'kupaka pa wabwino. Umadikira dzuwa liumitse masamba, uthyole, n'kuika dengu pamthunzi. Ndipo sumaliza tsiku limodzi. Umabwerera pakapita masiku 2 kapena 3, chifukwa tsango lakunsi limapsa lakumwamba lisanakhwime.

Anyamata anzanga, ndikunena ndi inu amene mukukonza zobwerera Disembala uno. Tikafika kumudzi tisamafike ngati aphunzitsi. Takhala kunja, inde, taona zambiri, tatumiza malata ndi feteleza, ndipo palibe amene angatilande ulemu umenewo. Koma amene anatsala sanali m'tulo. Azakhali athu alipirira ana sukulu ndi dimba lomwelo, ndipo akudziwa mzere uliwonse kuti unabzalidwa liti. Iwe wangotsika basi dzulo, nsapato zikadali zoyera. Safunsa anadya phula. Funsani, werama pamene akuwerama, ndipo ukadzudzulidwa usathamangire kunena kuti ku Joni sitichita choncho. Ku Joni sunalimepo, unkangolandira makireti.

Za kabichi mphwanga anazimvetsa msanga. Iye amasankha wamkulu, azakhali amasankha wolimba. Umakanikiza ndi chikhatho pamwamba: akabonyoka, m'kati mukadali mphako, musiye. Akakana dzanja, dula, n'kusiyako masamba angapo akunja oti amuteteze pa ulendo. Wokhwima ukamuchedwetsa uku ukuthirira kwambiri, amang'ambika mutu, ndipo wong'ambika wogula amakupatsa mtengo wachipongwe. Wogula akachedwa, azakhali amagwira mutu ndi manja awiri n'kuupotoza pang'ono kuti mizu ina iduke, asamwe madzi ambiri.

Pomwe anakangana kwenikweni ndi pa mbatatesi. Mphwanga ali ndi ngongole ya amene anamuthandiza ulendo, ndiye ataona mitengo yayamba chikasu anafuna akumbe tsiku lomwelo. Azakhali anafukula phando limodzi, n'kutenga mbatatesi imodzi, n'kuikhula ndi chala. Khungu linasupuka. Anati yotere ukaika m'thumba imanyuka, imada, ndipo siikhalitsa. Mbatatesi imatenga miyezi 3 kapena 4, ndipo masamba akauma umadula mitengo n'kuisiya m'nthaka pafupifupi masabata 2 kuti khungu ligwire. Anamuchenjezanso kuti si kuuma konse kumene kuli kukhwima. Chiwawu chimadetsa masamba mwadzidzidzi, mbatatesi ikadali ing'onoing'ono, pamene kukhwima kumabwera pang'onopang'ono ndi chikasu.

Mphwanga akuti anakwiya, anachoka kudimba osatsanzika. Madzulo azakhali anamupatsa mizere iwiri ya tomato kuti ikhale yake, athyole yekha, akagulitse yekha pa Lizulu, ndalamazo ayambe kubweza ngongole podikira mbatatesi. Wathyolako kale ulendo woyamba, ndipo wogula wa ku Blantyre uja sanabweze ngakhale mmodzi. Mbatatesi akumba sabata yamawa, ndipo wandipempha ndimutumizire ya matumba. Ndimutumizira Lachisanu ndikalandira. Tikumane sabata yamawa, mudziyang'anire m'misewumu.